Anabwera ndani, anajomba ndani: kufananiza mapepala awiri a mayina

Tiyerekeze kuti kwachitika maphunziro a masiku awiri kuno ku Zomba, a alimi ochokera ku Chingale, Thondwe ndi Jali. Pepala la Lolemba lili ndi mizere 34, la Lachiwiri 29. Owerengera ndalama akufuna kudziwa anthu amene anakhalapo masiku onse awiri, poti ndiwo alandire alawansi yonse. Ambiri amaphatikiza 34 ndi 29 n'kunena kuti anthu analipo 63, pomwe m'holomo simunadzaze n'komwe.

Ife osunga marekodi timayamba ndi kusandutsa pepala lililonse kukhala seti. Seti ndi gulu limene chinthu chimalowamo kamodzi kokha, ngakhale chitalembedwa kangapo. Lolemba anthu atatu anasaina kawiri, m'mawa ndiponso atabwerako ku nkhomaliro, choncho anthu enieni ndi 31. Lachiwiri anabwereza ndi mmodzi, atsala 28.

Tikatero pali mafunso atatu. Loyamba: ndani anafikako, kaya tsiku limodzi kaya onse awiri? Apa timaphatikiza maseti awiriwo, wopezeka konse n'kumuwerenga kamodzi. Funso lachiwiri ndi limene a ndalama akudikira: ndani ali pa mapepala onse awiri? Tinene kuti tapeza 24. Funso lachitatu ndi kuchotsera, ndipo limeneli limasokoneza anthu chifukwa lili ndi mbali ziwiri. Mukachotsa a Lachiwiri pa a Lolemba mupeza 7, amene anayamba koma mawa lake sanaonekenso. Mukatembenuza mupeza 4, amene anatulukira tsiku lachiwiri. Awa ndi anthu osiyana, ndipo mafunso owafunsa ndi osiyananso.

Kwa amene muli ndi Python pa kompyuta, nachi chitsanzo chaching'ono, munthu aliyense tamupatsa nambala:

```python
lolemba = set([3, 5, 5, 8, 11])
lachiwiri = set([5, 8, 14])
lolemba | lachiwiri   # 3, 5, 8, 11, 14
lolemba & lachiwiri   # 5, 8
lolemba - lachiwiri   # 3, 11
lachiwiri - lolemba   # 14
```

Onani kuti 5 wachiwiri uja wasowa yekha. Zizindikiro zitatuzi zimachita ntchito yofanana ndi `union`, `intersection` ndi `difference`. Musadabwe manambala akatuluka mosatsata ndondomeko, seti siisunga kuti woyamba kusaina anali ndani.

Pali kasamu kotsimikizira. Phatikizani 31 ndi 28, chotsanipo 24 aja amene mwawawerenga kawiri, mupeza 35. Phatikizaninso 24, 7 ndi 4, mupezanso 35. Zikasiyana, mwaphonya penapake powerenga.

Koma kasamu kameneka sikagwira vuto limene limativutitsa kwambiri. Kompyuta siidziwa munthu, imangofananiza zilembo. Ife Amalawi l ndi r timazisinthanitsa osazindikira n'komwe, ndiye bambo amene Lolemba analemba Phiri, Lachiwiri mlembi n'kuwalembera Phili, kwa kompyuta ndi anthu awiri. Chimodzimodzi wina akayamba ndi dzina la bambo lero, mawa n'kuyamba ndi lake, kapena wotaipa akasiya kampata kumapeto kwa dzina. Zikatero opezeka konse atsika kufika pa 23, a Lolemba lokha akhala 8, a Lachiwiri lokha 5, onse pamodzi 36. Yesani kasamu kaja: 31 ndi 28 kuchotsa 23 ndi 36. Zagwirizana bwinobwino, koma bambo aja amanidwa alawansi yawo atakhala pa benchi masiku awiri athunthu.

Njira yodziwira ndi kuika mndandanda wa a Lolemba lokha pambali pa wa a Lachiwiri lokha, n'kuwerenga ndi maso. Ndi mayina 13 okha, sizitenga mphindi zisanu. Mukaona dzina mbali ino likufanana ndi lina mbali inayo, mudzi n'kukhalanso womwewo, bwererani ku mapepala enieni mukafananize masiginecha. Timipata ndi zilembo zazikulu mungazikonze musanapange seti, ndi `.strip().lower()`, koma l ndi r zimafuna munthu.

Vuto lina ndi lobisika kuposa apa. Amayi awiri a dzina limodzi, wina wa ku Jali wina wa ku Thondwe, seti iwameza kukhala mmodzi popanda kukuchenjezani. N'chifukwa chake musanavomere kuti atatu aja anasaina kawiri, aoneni kaye pa pepala. Ndipo pepalalo musataye, poti seti ikachotsa obwereza siikumbukira kuti anabwereza ndani.

Ine ndimalimbikitsa kuti fomu ikhale ndi danga la nambala ya chiphaso cha unzika, ndipo seti ipangidwe ndi nambalayo, dzina lingotsagana nayo. Nambala ya foni sindiikhulupirira kwenikweni. Banja limodzi limabwerekana foni, wina amalemba kuyambira ndi 0, wina ndi +265, komanso Excel imafufuta ziro woyambayo ngati simunaike danga lake pa `Text` musanataipe.