Wodwala wosamva akabwera kuchipatala, kulozaloza sikokwanira

Anzanga a zaumoyo kuno ku Dedza, ambirife timaganiza kuti chinenero chamanja ndi Chichewa chomwechi chongochitira ndi zala, ndiye wodwala wosamva akalowa timangoloza pamimba, kuloza pakamwa, basi tamvana. Ayi ndithu. Chinenero chamanja cha ku Malawi ndi chinenero pachokha, chili ndi malamulo ake, ndipo sichitsata mawu a Chichewa limodzilimodzi. Taonani ku Britain ndi ku America, konseko amayankhula Chingelezi koma zinenero zawo zamanja ndi zosiyana kutalitali.

Chizindikiro chimodzi chimadalira mmene dzanja lapindidwira, pomwe lili, mmene likuyendera, komwe chikhatho chayang'ana komanso nkhope. Kusintha chimodzi mwa izi kutha kusintha tanthauzo. Nkhopeyo ndiye timaiphonya kwambiri. M'zinenero zambiri zamanja kukweza nsidze ndi kumene kumasandutsa mawu kukhala funso lofuna eya kapena ayi, manja akuchita zomwezo, ndiye "mwana wamwa mankhwala" ndi "mwana wamwa mankhwala?" zimasiyanira pankhope. Mukavala masiki, kapena mwawerama mukulemba m'buku la kuchipatala, mbali ina ya chiganizo yatayika.

Tiyerekeze mayi wosamva wabwera ndi mwana wa malungo, mwamupatsa LA. LA amamwa kawiri patsiku kwa masiku atatu, kasanu ndi kamodzi konse pamodzi, ndipo tsiku loyamba ulendo wachiwiri umabwera pakatha maola 8. Inu mwakweza zala ziwiri kenako zitatu, mayi agwedeza mutu, mwaitana wina. Koma ziwirizo ndi chani, mapilisi awiri, masiku awiri, kapena kawiri? Wodziwa chinenerochi amaonetsa nthawi, kubwereza ndi kuchuluka kwa masiku mosasokoneza, zala zathu zongopeka zija sizinena zimenezo. Kugwedeza mutu nakonso sikutanthauza kuti amva, nthawi zina akungolemekeza adokotala kapena atopa nafe.

Kulemba papepala kumathandiza koma osadalira kwambiri, kwa munthu amene anabadwa wosamva Chichewa cholemba nthawi zambiri chimakhala chinenero chachiwiri chomwe sanachimvepo ndi khutu. Kukuwa ndiye musavutike nako.

Chochita ndi ichi: pezani womasulira, ndipo a MANAD, bungwe la anthu osamva m'Malawi muno, ndi poyambira kufunsa. Wachibale woperekeza mwina amangodziwa zizindikiro zapakhomo, komanso nkhani ngati zoyezetsa magazi si zoti mlamu azimva. Yang'anani wodwalayo osati womasulira, pakhale powala, nkhope yanu ioneke. Pomaliza mupatseni paketi ya LA ija akuonetseni yekha mmene akamwetsere mwana, lero, mawa ndi mkuja, akaphonya yambiraninso.

Makolo a mwana wosamva auzeni kuti manja sachedwetsa mwana kuyankhula, chimene chimamupweteka ndi kukula zaka zoyambirira opanda chinenero chilichonse. Sukulu ya ana osamva ilipo ku Mua konkuno, akafunse kumeneko mwana akadali wamng'ono.