Maswiti ndi mankhwala opopera pakhosi: zomwe amachita ndi pomwe amalephera

Kukayamba kuzizira mu Juni ndi Julayi, kenako mphepo ya fumbi ya mu Ogasiti, anthu ambiri kuno ku Chipata amadandaula zilonda zapakhosi. Ambiri amathamangira ku kemisiti kukagula maswiti a pakhosi kapena kabotolo kopopera. Palibe cholakwika pamenepo, bola mudziwe kuti mankhwala amenewa amagwira ntchito pamwamba pa khosi pokha, pomwe malovu awafikitsa.

M'maswiti ambiri otere mumakhala mankhwala a mitundu iwiri. Oyamba ndi ochititsa dzanzi, monga benzokeni ndi lidokeni. Awa amagonetsa timitsempha ta pakhosi kuti tisatumize uthenga wa ululu ku ubongo. Pakapita mphindi zochepa mumameza bwino, koma chotupacho chikadali pomwepo, ndipo malovu akatsuka mankhwalawo ululu umabwerera. Pakhosi pakadali dzanzi musamwe tiyi kapena phala lotentha, chifukwa mungapse osamva, ndiponso chakudya chimatsamwitsa mosavuta. Dikirani dzanzi lithe.

Achiwiri ndi opha tizilombo, monga kilohekisidini ndi aja a mu Strepsils. Dzina lakelo limapatsa chiyembekezo chachikulu kuposa ntchito yake. Amachepetsa tizilombo tomwe tili pamwamba, koma salowa mkati mwa matonsilo momwe matenda akhazikika. Komanso zilonda zapakhosi zambiri zimabwera ndi mavairasi a chimfine, ndipo zimatha zokha pasanathe sabata, mwayamwa switi kapena ayi. Mpumulo wina umene mumamva umachokera ku malovu ambiri omwe kuyamwako kumatulutsa. N'chifukwa chake switi saitafuna, amaisiya isungunuke yokha.

Vuto lenileni lili pa ana a zaka 5 mpaka 15. Tiyerekeze mwana wa zaka 9 wabwera kuchokera kusukulu thupi latentha, akukana nsima chifukwa kumeza kukupweteka. Sakutsokomola, mamina palibe. Mukamuunika kukamwa ndi tochi ya foni, matonsilo atupa, afiira, ali ndi timadontho toyera ngati mafinya, ndipo pansi pa chibwano pali mwanabele wopweteka mukamukhudza. Zizindikiro zimenezi zimaloza ku bakiteriya wotchedwa sitirepu. Mukampatsa switi adzadya madzulo amenewo, ndipo m'masiku ochepa khosi likhoza kupola lokha, nonse n'kuiwala. Koma pakapita masabata awiri kapena atatu, ana ena amayamba kutupa ndi kuwawa m'mawondo ndi mu akakolo, chifukwa chitetezo cha thupi, polimbana ndi bakiteriya uja, chatembenukira thupi lomwe. Chimaononganso zitseko za mkati mwa mtima, ndipo kuonongeka kumeneko kumatha kukhala kwa moyo wonse. Chomwe chimateteza mwana ndi penisilini kapena amokisilini wa masiku 10, kapena jekeseni imodzi ya penisilini, zolembedwa kukiliniki. Amalize masiku onse ngakhale aoneke kuti wachira pa tsiku lachitatu. Switi angayamwe pambali kuti adye bwino, koma siilowa m'malo mwa mankhwalawo.

Kwa akulu, ngati kukamwa ndi pakhosi pachita zoyera ngati chambiko, zomwe mukazipala pamatsala pofiira, amenewo ndi mafangasi. Amakonda kugwira anthu omwe chitetezo chawo chatsika, monga odwala shuga kapena omwe ali ndi HIV, ndipo ali ndi mankhwala akeake. Kupopera dzanzi kumangochedwetsa kuyezetsa.

Werengani pa paketi musanayambe. Strepsils wamba ndi switi imodzi pa maola awiri kapena atatu alionse, osapitirira 12 pa tsiku. Mwana wosakwana zaka 6 musampatse switi ya pakhosi, angatsamwidwe nayo. Benzokeni asapatsidwe khanda losakwana zaka 2. Mwa apo ndi apo amasokoneza magazi kuti asanyamule bwino mpweya, ndipo milomo ndi zikhadabo zimachita bii. Zikatero, kaya ndi mwana kaya wamkulu, thamangirani kuchipatala. Odwala shuga afunse maswiti opanda shuga, poti ambiri ndi shuga weniweni. Ululu ukakula, panado amathandiza kwa maola ambiri kuposa switi, ndipo madzi ofunda a mchere, theka la sipuni yaing'ono mu kapu imodzi, mungachukuche nawo pakhosi n'kulavula.

Pitani kukiliniki yapafupi ngati papita masiku atatu osasintha, ngati thupi latentha kwambiri, kapena mawu akhala osasa kwa masabata atatu. Koma munthu akamalephera kupuma, kumeza malovu kapena kuyasamula kukamwa, kapena khosi latupa mbali imodzi, musadikire kuti kuche. Mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ku Chipata Central kaya kulikonse komwe muli nako pafupi.