Fungo la m'bafa yomwe simukuigwiritsa ntchito: thirani madzi m'paipi

Uthengawu ndi wa anthu a ku Kasungu kuno amene nyumba zawo zili ndi bafa, sinki kapena chimbudzi chogejemula zolumikizidwa ku sepitiki thanki, makamaka eni nyumba zogona alendo, oyang'anira sukulu zogonera komweko ndi ogwira ntchito yokolopa m'zipatala. Ngati kwanu kuli chimbudzi chokumba, kapena madzi a m'bafa amangotulukira kuseri kwa khoma n'kumayenda pamtunda, vuto ili silikukhudzani.

Suzumirani kunsi kwa sinki. Muona kuti paipi yake ndi yopindika ngati chigongono, kapena ili ndi kabotolo. Mapulambala amachitcha thirapu. Chomwechonso chili pansi pa shawa ndi pansi pa kabowo kotulutsa madzi okolopera, kungoti n'chokwiririka m'simenti. Pachigongonopo pamatsalira madzi nthawi zonse, ndipo madzi amenewo ndiye chitseko: zonyansa zimadutsa kupita kunja, koma mpweya wa m'thanki sungabwerere m'nyumba. Madzi mumawaona m'chimbudzi mukagejemula aja ntchito yake ndi yomweyi. Mathirapu ambiri madzi otsekawo amazama mamilimita 50, ena 75. Pamenepa tikunena kutalika kwa chala chimodzi basi.

Paipi imene mukuigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku imalandira madzi atsopano, choncho siuma. Koma imene yangokhala, madzi ake amaphwa pang'onopang'ono monga amachitira m'beseni losiyidwa pakhonde. Kukatentha ndi kuuma, monga mu Seputembala mpaka Novembala, amaphwa msanga, ndipo mphepo yolowera pazenera imawonjezera. Sikuti mpaka aume onse ayi. Akangotsika kufika pamene paipi yapindikira, kumwamba kwake kumatseguka kampata ndipo mpweya umayamba kudutsa, ngakhale mutaunika n'kuona timadzi pansi.

Mpweyawu uli ndi haidirojeni salifaidi, amene amanunkha ngati mazira owola, komanso mitheni amene alibe fungo koma amayaka moto akachuluka. Kukhalitsa m'chipinda chotere kumabweretsa mutu, nseru ndi kuyabwa m'maso. Mphemvu ndi tintchentche ta m'mapaipi nazo zimapeza njira. Choopsa kwambiri ndi tizilombo toyambitsa matenda. M'chaka cha 2003, panyumba zosanjikizana za Amoy Gardens ku Hong Kong, anthu opitirira 300 anadwala matenda oopsa a m'mapapo otchedwa SARS. Ofufuza anapeza kuti mathirapu a timabowo ta pansi m'mabafa anali ouma, ndipo mafani otulutsa mpweya ankakoka timadontho ta m'paipi ya zimbudzi kulowa m'mabafamo. N'chifukwa chake kuchipatala ndi kumahositelo nkhaniyi si ya fungo lokha.

Tiyerekeze ndi nyumba yogona alendo ya pa Boma, ya zipinda zisanu ndi zitatu. Nthawi yogulitsa fodya zipinda zimadzaza. Msika ukatsekedwa alendo amachepa, ndipo chipinda chakumapeto chimakhala chokhoma milungu ingapo. Pofika Okutobala mlendo akulowamo n'kubwerera pakhomo atagwira mphuno. Mayi wokolopa athira mankhwala onunkhira, atsegula mazenera, mawa lake fungo lili pomwepo. Mwini wake ayamba kufunsa mtengo wa galimoto yopopa thanki.

Asanawononge ndalama, achotse kachitsulo kapakamwa pa kabowo kapansi n'kuunika ndi tochi. Akapeza pouma, athire madzi malita awiri, atsegule mpope wa sinki ndi shawa kwa theka la mphindi, agejemule chimbudzi, chipinda chipite mphepo. Fungo likatha tsiku lomwelo, thanki ilibe mlandu. Kuti adziwe kuthira kangati, aviike kamtengo kouma m'kabowomo mpaka pansi n'kulemba chizindikiro pamene madzi alekeza, kenako aviikenso pakatha mlungu popanda wogwiritsa ntchito bafayo. Tinene kuti madzi atsika ndi mamilimita 8. Ngati thirapuyo ndi ya mamilimita 50, ndiye kuti pakatha milungu isanu ndi umodzi chitseko chatsala pang'ono kutseguka. Kuthira kamodzi pamlungu nyengo yotentha, ndi kamodzi pamilungu iwiri nthawi ya dzinja, kumakusiyani kutali ndi malire amenewo. Madzi ake sasowa kukhala akumwa. Otsukuluzira zovala ali bwino, bola asakhale ndi mchenga kapena ulusi.

Kunena zoona, njira imeneyi imalephera chifukwa cha kuiwala. Ipatseni tsiku lake ndi mwini wake: Lolemba lililonse, wokolopa azungulire ndi ndowa m'zipinda zonse, zokhoma zomwe, n'kuchonga papepala lomatidwa kuseri kwa chitseko. Kusukulu, mlonda kapena wosamalira malo azichita izi patchuthi chachitali. Ngati mukuchoka kwa miyezi ndipo palibe womusiyira makiyi, dzazani thirapu kenako muthire pamwamba masipuni awiri kapena atatu a mafuta oyera a minerolo ogula kufamase. Amayandama n'kuphimba madzi kuti asaphwe msanga. Oyilo wagalimoto, dizilo ndi parafini ayi, zimawononga thanki ndi madzi apansi, ndipo zina zimayaka. Mafuta ophikira amavunda n'kuitana mphemvu.

Pomanga nyumba yatsopano kapena pokonza yakale, funsani pulambala za thirapu pulayima. Ndi kachipangizo kothira madzi kokha kudzera m'kapaipi kakang'ono kopita ku thirapu ya pansi. Mtundu wina amaulumikiza kupaipi ya madzi ozizira: wina akatsegula mpope pafupi, mphamvu ya madzi imatsika pang'ono, kavavu kake n'kutulutsa timadzi. Mtundu wina ndi wosavuta: umapatutsako pang'ono madzi otuluka m'sinki yosambira m'manja kupita kukabowo kapansi. Mtundu woyambawo uyenera kukhala ndi kampata kamphepo koletsa madzi akuda kubwerera m'paipi ya madzi akumwa, ndipo uikidwe poti munthu angaufikire, osati kuumatira m'khoma.

Pulayima si yongoika n'kuiwala. Imadalira kuti mpope kapena sinki yake izigwira ntchito, ndiye m'chipinda chokhoma chija, ngati yalumikizidwa kusinki ya momwemo, nayonso imangogona. Madzi a kumpope akasiya masiku angapo, palibe chimene ingathire. Madzi a pachitsime okhala ndi mchenga kapena mchere amaitseka, kapena kuisiya ikudontha osaleka. Muziunikabe ndi tochi kamodzi pamwezi.

Nanga mukathira madzi koma fungo n'kubwerera mawa kapena mkuja? Pamenepo si kuphwa, chifukwa madzi saphwa msanga chotero. Mukamva kabowo kakulira kuti gudugudu wina akagejemula, madzi akuyamwidwa, ndipo kawirikawiri paipi yopumira yotulukira padenga ija yatsekeka ndi chisa cha mbalame kapena sanaiike n'komwe. Tsitsi kapena ulusi wa chokolopera wolendewera pachigongono umakokanso madzi ngati chingwe cha nyali. Uchotseni ndi kawaya. Khoma kapena simenti yonyowa pafupi ikusonyeza kuti thirapu yang'aluka. Ndipo mukathira ndowa yonse koma osatsalira ngakhale dontho, mwina womanga anangoika paipi yowongoka yopanda thirapu. Kung'aluka, paipi yopumira ndi kusowa kwa thirapu n'za pulambala. Podikira, tsekani kabowoko ndi pulasitiki yokhuthala n'kutsamiritsa njerwa.

Fungo likakhala lamphamvu mpaka munthu kumva chizungulire, tulukani, tsegulani zitseko, musayatse machesi kapena kandulo, ndipo wodwalayo apite kuchipatala. Musadalire mphuno: haidirojeni salifaidi akachuluka amapha mphamvu yonunkhiza, munthu n'kumaganiza kuti fungo latha. Musalowe kapena kuweramira m'sepitiki thanki kuti mukaone chavuta.