Kalata yovomera kuti munamata ndime za makina

Wophunzira akagwidwa atamata ndime zolembedwa ndi ChatGPT mu asayinimenti, kawirikawiri amauzidwa kuti alembe kalata yofotokoza zomwe zinachitika. Ambiri amadzaza tsamba lonse ndi "pepani bwana, ndikhululukireni", n'kusiya chimene ife aphunzitsi timafuna kudziwa tikamaweruza nkhaniyo: mwalemba nokha ndi ziti, za makina ndi ziti?

Tiyerekeze mtsikana wa chaka chachiwiri kuno ku Zomba amene walemba za kuphwa kwa nyanja ya Chilwa mu 1995 ndi mmene asodzi a matemba ku Kachulu anavutikira. Mwa ndime 12, zitatu wamata. Chamugwiritsa ndi buku lomwe latchulidwa m'ndime yachisanu, loti mphunzitsi walifunafuna koma kulibe. Makinawa amapeka maina a mabuku ndi alembi ake mopanda manyazi.

Kalata yake iyambire pomwepo: "Ndime yachinayi, yachisanu ndi yachisanu ndi chinayi ndinazikopera ku ChatGPT osasintha, ndipo buku lotchulidwamo sindinaliwerenge. Zotsalazo ndinalemba ndekha." Kutchula ndime chonchi kumamuteteza iye mwini. Nambala imene Turnitin, pulogalamu yofufuza zokopera, imatulutsa yosonyeza zolembedwa ndi makina ndi yongoyerekeza, ndipo nthawi zina imaloza ngakhale chiganizo chimene munthu wachivutikira yekha. Akangoti "ndinagwiritsako ntchito makina", komiti yoweruza nkhaniyo ikhoza kukayikira pepala lonse.

Ndiye abweretse umboni wa ndime zakezo. Ngati analembera mu Google Docs, Version history imaonetsa tsiku ndi ola la zosintha, ndipo ndime yomata imatulukira yonse kamodzi pamene yolemba yekha imakula pang'onopang'ono, ndi zofufutafufuta. Kope la manotsi nalonso ndi umboni. Anenenso kuti ndi wokonzeka kufunsidwa pakamwa. Amene analemba yekha savutika kufotokoza chifukwa chake Chilwa, nyanja yosaya yopanda mtsinje wotulukamo, imaphwa mvula ikachepa zaka zotsatizana.

Chifukwa chake achitchule kamodzi basi. Ngati magetsi anazima kapena kunali maliro, anene, koma avomere kuti akanatha kupempha masiku owonjezera. Zoti "kalasi yonse imachita zomwezi" azisiye, sizichepetsa mlandu wake.

Pempho likhale lolunjika. Awerenge kaye malamulo a koleji yake, chifukwa zilango zimasiyana, kenako apemphe chimene malamulowo amalola, monga kulembanso ntchitoyo malikisi ake osapitirira opasira. Ngati ndi koyamba, anene. Kupempha kuti nkhani ingotha kumaonetsa kuti sanamvetse kulakwa kwake, ndipo n'kosalungama kwa anzake amene anachezera mu laibulale.

Kalatayo isapitirire tsamba limodzi, ikhale ndi deti, nambala ya kosi ndi siginecha, ndipo asunge kope lake mwina angadzachite apilo. Ailembe yekha, ngakhale Chingerezi chikhale chopunduka, chifukwa woiwerenga akhala atayika pambali pake asayinimenti ija n'kumayerekeza kalembedwe.