Kupempha supavaiza nthawi yoonjezera ya dirafuti ya tesisi: imelo imodzi itakonzedwa

"Ndili kunja, ndikuchita digiri yachiwiri. Dirafuti yonse ya tesisi ikufunika kwa supavaiza pa 14 Malichi, lero ndi pa 7, ndipo tesisi yomaliza ikalowe ku yunivesite pa 30 Epulo. Ndinadwala masiku 10. Machaputala 1 mpaka 3 atha, koma 4 ndi 5 ayi. Mwa anthu 12 amene ndinacheza nawo pa kafukufuku, mawu a anthu 4 sindinawalembe. Ndakonza imelo iyi, apa ndaimasulira kuchokera m'Chingerezi: 'Okondedwa Bwana, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja lanu. Pepani kwambiri pokusokonezani. Ndakumana ndi mavuto ambiri amene sindingathe kuwafotokoza onse. Chonde ndichitireni chifundo, mundionjezereko kanthawi pang'ono. Ndidzatumiza ndikangomaliza.' Kodi nditumize?"

Dikirani kaye, musaitumize momwe iliri. Ulemu ulimo wokwanira, koma supavaiza akaiwerenga sangathe kuyankha kuti inde kapena ayi, chifukwa simunamuuze chimene akuvomereza. "Kanthawi pang'ono" kwa inu mwina ndi masabata awiri, kwa iye ndi masiku atatu. "Mavuto ambiri" amamusiya akuganizira yekha, ndipo kawirikawiri munthu akamaganizira yekha amafika poipa: mwina ntchito yonse sinayambe n'komwe. Chikhalirecho machaputala atatu mwamaliza, ndipo imelo yanu sikunena n'komwe zimenezo.

Mmutu mwanu mukhale chithunzi cha munthu amene ali ndi ophunzira angapo, onse akupereka ntchito m'masabata omwewo, ndipo anapatula kale masiku owerengera dirafuti yanu. Mukasuntha tsiku, mukusuntha ndondomeko yake. Choncho akufuna kudziwa tsiku latsopano, pamene ntchito yafika, ndiponso ngati 30 Epulo ikadali yotheka.

Nanga imelo yokonzedwayo ingaoneke bwanji?

Pamutu pa imelo mulembe zoti ngakhale asanaitsegule adziwe nkhani yake:

```
Thesis draft: request to move deadline from 14 to 28 March
```

Ndipo mkati mwake, m'Chingerezi chanu, mukhale mawu otere:

"Okondedwa Dokotala (kenaka dzina la bambo awo), ndikupempha kuti tsiku lopereka dirafuti yonse ya tesisi yanga lisunthe kuchoka pa 14 Malichi kufika pa 28 Malichi. Ndinadwala kwa masiku 10 mwezi wathawu, ndipo ntchito yosanthula zimene ndinapeza inatsalira. Panopa ndachira ndipo ndabwerera pa ntchito. Machaputala 1 mpaka 3 atha, ndipo ndikhoza kuwatumiza pa 14 Malichi monga tinapanganira. Mwa zokambirana 12, ndalemba 8. Zotsalazo ndimaliza pofika pa 11 Malichi, chaputala 4 pofika pa 21, chaputala 5 pofika pa 25. Mukakhala ndi masabata awiri owerenga, ndidzatsala ndi masiku 19 okonza tesisi isanalowe pa 30 Epulo. Ngati tsikuli silikugwirizana ndi ndondomeko yanu, chonde ndiuzeni limene lingatheke. Ndikudziwa kuti kusinthaku kukhudza nthawi yanu, pepani, ndipo zikomo pondiganizira."

Pansi pake dzina lanu lonse, nambala yanu ya ku yunivesite, ndi dzina la maphunziro anu.

Taonani kuti pempho lili m'chiganizo choyamba. Kupepesa kulipo, koma kamodzi, kumapeto. Chimene ine ndimachiona chofunika kwambiri m'kalata yonseyi ndi mawu aja oti machaputala atatu mutumiza pa tsiku lakale lomwe lija. Amasonyeza kuti ntchito ilipodi, ndiponso amapatsa supavaiza mwayi wogwiritsabe ntchito masiku amene anapatula. Pofika pa 28 adzakhala atawerenga kale zoposa theka.

Tsiku la 28 Malichi mwalipeza bwanji? Bwanji osangopempha sabata imodzi kuti ndisaoneke wochulutsa?

Apa m'pamene ophunzira ambiri amadzipweteka okha. Amapempha nthawi yochepa pofuna kuoneka bwino, tsiku lija likafika amapemphanso. Pempho lachiwiri ndilo limaononga chikhulupiriro, osati loyamba.

Tsiku limapezeka powerengera ntchito, osati poyeza nkhope ya supavaiza. Ngati zokambirana zanu zinali za pafupifupi ola limodzi chilichonse, kulemba mawu a ola limodzi pamanja kumadya maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, makamaka ngati mukumasuliranso kapena mawu sakumveka bwino. Zinayi ndiye pafupifupi maola 20, tinene masiku 4. Kusanthula ndi kulemba chaputala 4, masiku 10. Chaputala 5, chimene chimadalira 4, masiku 4. Zonse pamodzi ndi masiku 18. Kuchokera pa 7 Malichi mwafika pa 25. Onjezani masiku 3 owerenganso ntchito yonse, kukonza maumboni a mabuku, komanso opumira chifukwa thupi limene langochira kumene silithamanga monga kale. Mwafika pa 28.

Kenaka werengerani chobwerera mmbuyo kuchokera pa 30 Epulo. Supavaiza akalandira pa 28 Malichi n'kutenga masabata awiri, ndemanga zake zifika pa 11 Epulo. Kutsala masiku 19. Amenewa akwanira ngati ndemangazo zili za kukonza ndime, kulimbitsa mfundo ndi kusintha matebulo. Sangakwanire ngati anena kuti kasanthulidwe konse kayambirenso. Ndiye chifukwa chake ndi bwino kufunsanso m'buku la malamulo a dipatimenti yanu kuti supavaiza amapatsidwa nthawi yaitali bwanji yowerengera. Kwina ndi masabata awiri, kwina atatu kapena kuposa. Onaninso kalendala ya yunivesite, poti tchuthi chikagwa m'masabata amenewo akhoza kusakhalapo. Mukawerengera n'kupeza kuti mutsala ndi sabata imodzi yokha yokonzera, ndiye kuti vuto lanu silili pa dirafuti, lili pa tsiku lomaliza, ndipo imeneyo ndi nkhani ina.

Ina motani? Supavaiza akavomera, si ndiye kuti zonse zasuntha?

Ayi, ndipo pamenepa samalani kwambiri. Pali masiku a mitundu iwiri. Tsiku la dirafuti nthawi zambiri limakhala pangano la inu awiri, kotero iye yekha akhoza kulisuntha ndi imelo ya mzere umodzi. Tsiku lopereka tesisi yomaliza ndi la yunivesite. M'mayunivesite ambiri supavaiza alibe mphamvu yolisintha. Pamafunika fomu, umboni monga kalata ya dokotala, ndi chilolezo cha ofesi kapena komiti yoona zimenezi. Fomuyo kawirikawiri imafunika tsikulo lisanadutse kapena patangodutsa masiku ochepa, ndipo kupereka tesisi mochedwa popanda chilolezo kumadulitsa malikisi, kwina ntchito imakanidwa kumene.

Mawu a supavaiza oti "palibe vuto, tengani nthawi yanu" musawamve ngati chilolezo cha 30 Epulo. Mayunivesite ena amawerengera tsiku la dirafuti ngati gawo la mayeso, ndiye tsimikizani m'buku lomwe lija ngati 14 Malichi ndi pangano chabe kapena ndi lamulo. Likakhala lamulo, imelo ipite, komanso fomu ipite.

Popeza muli kunja, tsiku lomalizalo likasuntha limakoka zinthu zina ziwiri zimene supavaiza sangaziganizire: viza ndi ndalama za sikolashipu. Zonsezi zili ndi tsiku lothera, ndipo sizidzitalikitsa zokha chifukwa yunivesite yakuonjezerani nthawi. Musanasaine fomu iliyonse yosuntha tsiku lomaliza, pitani ku ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja, ndipo lemberani amene akukulipirirani. Funsaninso ngati nthawi yoonjezerayo ili ndi fizi yake. Pa nkhani yanu, masabata awiri a dirafuti sakukhudza zimenezi, bola 30 Epulo isasunthe.

Za matenda ndifotokoze mpaka pati?

Chiganizo chimodzi chikwana: munadwala, masiku angati, ndipo tsopano muli bwanji. Dzina la matenda si lofunika, ndipo simukakamizidwa kulinena kwa supavaiza. Ngati munaonana ndi dokotala, tengani kalata ndipo muisunge, ngakhale pano palibe amene waifunsa. Ikadzafunika pa fomu patapita miyezi iwiri, kuipeza kumavuta. Chimodzimodzi ngati chifukwa chinali maliro kapena vuto la m'banja: nenani mwachidule, moona. Osapeka chifukwa. Ngati ntchito inangokukulirani kuposa mmene munaganizira, nenani choncho, poti supavaiza aliyense anazionapo zimenezo.

Moni uja wa banja ndi "Bwana" mwauchotseranji? Kodi sindioneka wamwano?

Ndikumvetsa, kuyamba nkhani osafunsa za moyo kumaoneka ngati kulowa m'nyumba ya munthu osaodira. Mzere umodzi wa moni mukhoza kuusiya, sulakwika. Koma m'makalata a ntchito a m'mayunivesite ambiri, ulemu amauona pa kusunga nthawi ya wowerenga, ndipo mawu ochonderera monga "ndichitireni chifundo" amamuika pamalo ovuta, ngati kuti akakana ndi wankhanza. Pa katchulidwe, tsatirani zimene mwakhala mukuchita. Ngati anakuuzani kuti muzimutchula dzina loyamba, teroni. Ngati ayi, Dokotala kapena Pulofesa ndi dzina la bambo ake, ndipo muonetsetse kuti udindowo ndi wolondola.

Nditumize liti, ndipo akapanda kuyankha?

Lero lomwe, kuchokera pa imelo yanu ya yunivesite, m'nthawi ya ntchito. Sabata imodzi tsiku lisanakwane ndi nthawi yabwino. Usiku wa pa 13 likanakhala dandaulo, osati pempho. Ngati muli ndi supavaiza wachiwiri, mumuike pa `Cc`.

Pakadutsa masiku atatu a ntchito kuli zii, yankhani pa imelo yomwe ija ndi mzere umodzi wokumbutsa, osayamba ina yatsopano. Kukhala chete kwake musakutenge ngati kuvomera. Pa 14 Malichi tumizani machaputala atatu aja monga munalonjezera, ndipo mubwereze kuti otsalawo abwera pa 28. Akayankha pakamwa mutakumana pakhonde, mukafika pa kompyuta lembani mawu awiri othokoza otchula tsiku limene mwagwirizana, kuti pakhale cholembedwa.

Nanga akakana, kapena akandipatsa sabata imodzi yokha?

Mufunseni chimene akufuna kuona kwambiri m'nthawi imene ali nayoyo. Akati pa 21 Malichi, malinga ndi kuwerengera kwathu kuja chaputala 4 chidzakhala chitatha, pomwe 5 chidzakhala chisanalembedwe. Tumizani 4 chathunthu, ndipo 5 muchiike m'mitu ndi mfundo zikuluzikulu, tsamba limodzi kapena awiri, mutalemba pamwamba kuti sichinathe. Chaputala 4 ndicho chikufunika maso ake kuposa china chilichonse, chifukwa kasanthulidwe kakalakwika, chaputala 5 chimalakwika nacho limodzi. Mufunsenso ngati angadzaone chaputala 5 pachokha pa 25 Malichi, poti ena amawerenga dirafuti kamodzi kokha ndipo ndi bwino kudziwiratu musanatumize.