Epidemiki ndi pandemiki: mkangano wa 2009 umene unachititsa WHO kuopa liwu limodzi

Ife pa Chichewa timangoti mliri basi, kaya ndi kolera wavuta ku Nsanje kaya ndi Kovidi watseketsa masukulu dziko lonse lapansi, liwu lake ndi lomwelo. Koma a zaumoyo ali ndi mawu awiri, epidemiki ndi pandemiki, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti pandemiki ndi mliri wakupha kwambiri pomwe epidemiki ndi wocheperako ukali. Ayi ndithu. Nkhani yagona pa kumene matendawo afika, osati kuchuluka kwa maliro.

Mawu onsewa anachokera ku Chigiriki, epidemiki ndiye kuti chinthu chagwera anthu, pandemiki ndiye kuti chagwera anthu onse. Epidemiki ndi pamene odwala matenda enaake achuluka kuposa mmene zimakhalira nthawi zonse pamalopo komanso pa nyengo imeneyo. Ndiye palibe nambala imodzi yoti akafika apa ndiye epidemiki, zimatengera zimene mumayembekezera. Malungo amadzaza mawodi chaka ndi chaka mvula ikayamba koma a zaumoyo satchula epidemiki chifukwa ndi matenda okhazikika kwathu kuno, iwo amati endemiki, pomwe mu February 2022 mwana mmodzi yekha atapezeka ndi poliyo ku Lilongwe boma linalengeza kuti kwabuka matenda, chifukwa nambala imene inkayembekezeka inali ziro. Pandemiki ndi epidemiki yomweyo koma yawoloka malire n'kufika m'makontinenti angapo, ndipo kumeneko anthu akupatsirana okhaokha, osati kungoti wina watsika nawo ndege.

Taonani Ebola ya 2014 mpaka 2016. Inapha anthu opitirira 11,000 mwa odwala pafupifupi 28,600, matenda oopsa zedi, koma inakhala epidemiki mpaka kutha chifukwa moto wake unali ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone. Ena ochepa anadwalira ku America ndi ku Spain inde, koma sinagwire mizu kumeneko.

Tsono mkangano weniweni unabuka mu 2009. Mu April chaka chimenecho ku Mexico ndi ku America kunapezeka chimfine chatsopano cha H1N1, chija ankati chimfine cha nkhumba. Nthawi imeneyo WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, inali ndi masitepe sikisi oyezera chimfine, ndipo anawakonza ali ndi mantha a chimfine cha mbalame cha H5N1 chimene chinkapha oposa theka la anthu amene chawagwira. Sitepe 5 inali yoti matenda akufala pakati pa anthu m'mayiko awiri a chigawo chimodzi, poti WHO inagawa dziko lapansi m'zigawo sikisi. Sitepe 6, imene ndiyo pandemiki, inkangofuna kuti kufala komweko kuonekenso m'dziko lina la chigawo china. Mwaona? Palibe pamene analemba kuti pafe anthu angati.

Pa 29 April analengeza sitepe 5, kenako anakhala masabata sikisi akuzengereza uku mayiko ena akuwapempha kuti aganizirenso za ukali wa matendawo asanatchule liwu lija, mpaka pa 11 June 2009 mkulu wa WHO pa nthawiyo, Margaret Chan, ananena kuti basi ndi pandemiki. Apo n'kuti matenda atafika m'mayiko 74 ndipo odwala otsimikizika ali pafupifupi 30,000. Malinga ndi malamulo awo sanalakwitse olo pang'ono.

Vuto linali loti mayiko ena olemera anali atasainirana kale makontirakiti ndi makampani opanga katemera, oti WHO ikangoti sitepe 6 oda iyambe kugwira ntchito. France inaitanitsa madozi 94 miliyoni, koma amene anapita kukabayitsa anali cha m'ma 6 miliyoni, mpaka boma linabweza oda ya madozi 50 miliyoni. Chimfinecho kwa anthu ambiri chinali chofatsa, ndipo pofika August 2010 pamene WHO inati zatha, imfa zotsimikizika ku labu zinali pafupifupi 18,500. Anthu anakwiya heve. Aphungu ena a bungwe la mayiko a ku Ulaya la Council of Europe, motsogozedwa ndi dokotala wa ku Germany Wolfgang Wodarg, ankati imeneyi inali pandemiki yabodza yolemeretsa makampani a mankhwala. Chinawonjezera mafuta pamoto n'choti pa webusaiti ya WHO panali chiganizo chonena kuti pandemiki imabweretsa imfa ndi odwala ochuluka zedi, ndipo mu May 2009 mawu amenewo anachotsedwa, ndiye anthu n'kumati ahaa, mwasintha tanthauzo kuti mupeze polengezera.

Komiti imene inafufuza nkhaniyi, wapampando wake Harvey Fineberg, inatulutsa lipoti mu 2011 ndipo sinapeze umboni woti makampani ndi amene anakankha WHO, koma inadzudzula akuluakulu a WHO kuti analibe njira yomveka yofotokozera ukali wa matenda, komanso anabisa mayina a akatswiri amene ankawalangiza mpaka mliri utatha. Ine ndimaona kuti apa WHO inadzipalira yokha, chifukwa ukabisa mayina anthu amadzaza okha mipatayo ndi mphekesera. Komanso odzudzula aja anathamanga magazi, poti kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti omwalira enieni anali pakati pa 150,000 ndi 575,000, ambiri osakwana zaka 65, kungoti sanayezedwe ku labu.

Mu 2013 WHO inasiya masitepe sikisi aja. Ndiye Kovidi atabwera anali ngati munthu amene analumidwapo ndi njoka, akaona chingwe amadumpha. Pa 30 January 2020 analengeza kuti ndi vuto ladzidzidzi la zaumoyo lokhudza mayiko onse, chimene pachidule amalemba PHEIC, ndipo mwalamulo belu lalikulu linali limeneli chifukwa m'malamulo a zaumoyo a 2005 amene mayiko anagwirizana liwu loti pandemiki silinali sitepe yolengezedwa ayi. Koma ndani anamva? Maboma ambiri anangokhala phee. Mpaka pa 11 March 2020, odwala atapitirira 118,000 m'mayiko 114 ndipo 4,291 atamwalira, m'pamene mkulu wa WHO pa nthawiyo, Tedros Adhanom Ghebreyesus, anatchula pandemiki, n'kuchenjeza kuti liwuli likagwiritsidwa ntchito mosasamala limabweretsa mantha opanda pake kapena kuchititsa anthu kugwa ulesi ngati nkhondo yatha kale. Masiku ochepa chabe malire anayamba kutsekedwa paliponse. Liwu lopanda mphamvu ya lamulo linagwedeza dziko kuposa lija lalamulo, ndipo ulendo uno anawanena kuti anachedwa. N'chifukwa chake mu June 2024 mayiko anasintha malamulo aja n'kuikamo sitepe yatsopano yapamwamba yokhala ndi liwu loti pandemiki.

Chimene chimandidabwitsa ine ndi kolera. Uja anayamba ku Machinga mu March 2022 n'kupha anthu opitirira 1,700 m'Malawi muno, kwa ife inali epidemiki, koma m'mabuku a WHO ndi kachigawo chabe ka pandemiki ya nambala 7 ya kolera, imene inayambira pa chilumba cha Sulawesi ku Indonesia mu 1961, n'kulowa mu Africa cha m'ma 1970, ndipo mpaka lero sinalengezedwe kuti yatha. Zaka zopitirira 60 tili m'kati mwa pandemiki koma simudzamva pa wailesi akuitchula choncho, mwina chifukwa amene amamwa madzi a pachitsime chosatetezedwa si amene amasaina makontirakiti a katemera aja.