Lamulo lowerenga katatu musanatumize nkhani yanu: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene alembi a kuno ku Salima amandifunsa kawirikawiri ndikawabwezera nkhani zawo kuti akazikonze okha. Poyankha ndagwiritsa ntchito nkhani imodzi yonena za kutseka usodzi pa chilumba cha Mbenji, imene mwini wake anailemba ndi mawu 900 pamene malo amene anapatsidwa anali a mawu 600.

"Ndiyambire pati? Ine ndimangoyamba ndi chiganizo choyamba n'kumatsika."

Werengani katatu, ndipo ulendo uliwonse mukhale mukufuna chinthu chimodzi chokha. Ulendo woyamba ndi wa mfundo, wachiwiri ndi wochotsa mawu ongodzaza malo, ndipo wachitatu ndi wofupikitsa ziganizo zimene zatsala. Dongosololi silifunika kulitembenuza, chifukwa munthu amene wayamba ndi kusalaza ziganizo amatha ola lathunthu pa ndime imene pambuyo pake aona kuti iyenera kuchoka yonse, ndiye poti waivutikira, amayamba kuimvera chisoni n'kuisiya. Ngati nthawi ilipo, nkhaniyo igone usiku umodzi musanayambe, pakuti maso amene angolemba kumene amawerenga zimene zili m'mutu, osati zimene zili papepala.

"Mfundo yanga ndimaidziwa kale. Ndiiyesenso chifukwa chiyani?"

Tembenuzani pepala, ndipo mulembe m'chiganizo chimodzi zimene mukufuna kuti wowerenga avomereze. Mukaona kuti zikufuna ziganizo zitatu, ndiye kuti mwina muli ndi nkhani ziwiri zimene zalowa m'thumba limodzi. Kenako lembani m'mphepete mwa ndime iliyonse mawu awiri kapena atatu onena ntchito imene ndimeyo ikugwira, n'kuwerenga mawu a m'mphepete okhawo kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Mwini nkhani ya Mbenji atachita zimenezi, chiganizo chake chinatuluka motere: "Boma litseke nyanja yonse miyezi inayi monga amachitira ku Mbenji, ndipo nsomba zibwerera." M'mphepete munali mawu akuti mbiri ya Mbenji, malamulo a pachilumba, mwambo wotsegulira, utaka waukulu, mtengo wa usipa pa Senga Bay, ndi pempho kwa boma. Atangowerenga mzere umenewu anaona yekha kuti umboni wake wonse unali wa chilumba chimodzi, koma pomaliza anali kugamula za nyanja yonse.

Ku Mbenji usodzi umatsekedwa m'dzinja pansi pa ulamuliro wa Mfumu Yaikulu Makanjira, ndipo mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Ndi malo ochepa, ozunguliridwa ndi madzi, amene wofika ndi wochoka amaoneka, komanso pali malamulo ena oletsa mowa, njuga ndi zida zina zophera nsomba. Wowerenga wochenjera angafunse mafunso awiri amene nkhaniyo sinayankhe: tidziwa bwanji kuti chimene chathandiza ndi kutseka kokhako osati malamulo enawo, nanga ndani angalondere gombe lonse kuchokera ku Mangochi mpaka ku Karonga monga mmene mfumu ndi komiti yake amalonderera chilumba? Pamenepa panali njira ziwiri, kufunafuna umboni wina kapena kuchepetsa zimene akunena. Iye anasankha yachiwiri, ndipo chiganizo chatsopano chinati: "Ku Mbenji lamulo lotseka usodzi limamveka chifukwa olisunga ndi eni dera, ndipo madoko ena angaphunzirepo." Chiganizochi n'chaching'ono poyerekeza ndi choyamba chija, koma chilichonse chimene chili m'menemo chili ndi ndime yochiikira kumbuyo.

Malo amene mfundo imakonda kuthyokera ndi pamene pali mawu akuti "choncho", "motero" ndi "n'chifukwa chake". Zungulizani lililonse ndi cholembera, n'kudzifunsa ngati zimene zili patsogolo pake zikuchokeradi m'zimene zili kumbuyo. Chitaninso chimodzimodzi ndi "onse", "nthawi zonse" ndi "palibe amene", chifukwa mawu amenewa munthu mmodzi yekha akhoza kuwagwetsa ndi chitsanzo chimodzi.

"Nanga ndime imene ndi yoona komanso yokoma, ndiichotse?"

Ngati siikunyamula chiganizo chanu chija, ichoke. Ndime ya mtengo wa usipa pa Senga Bay inali yabwino kuposa zonse, moti munthu ankamva fungo la pathandala poiwerenga, koma inali ya nsomba ina ndiponso ya doko lina. Itachoka, mawu 140 anapita nthawi imodzi. Isungeni pena, idzakhala chiyambi cha nkhani ina.

"Mawu ongodzaza malo ndiwadziwa bwanji?"

Phimbani mawuwo ndi chala n'kuwerenga chiganizo popanda iwo, ndipo tanthauzo likapanda kusintha, achotseni. Ambiri mwa iwo timawatenga pa misonkhano, pamene wolankhula amafunika kupuma ndi kulemekeza anthu asanafike pa nkhani: "monga tonse tikudziwa", "kunena zoona", "chinthu china chimene ndikufuna kunena ndi chakuti", "ndisanapitirire". Pabwalo amagwira ntchito, koma papepala wowerenga amangowadumpha. Aliyense ali ndi mawu ake amene amawabwereza osadziwa, ndiye ngati mukulemba pa kompyuta, dinani Ctrl+F, mulembe "kwambiri" kapena "ndithu", muone kuchuluka kwake. Yang'ananinso ndime yoyamba, pakuti nthawi zambiri imakhala yongokonza pakhosi, nkhani yeniyeni n'kuyambira pa ndime yachiwiri.

Mwambi musauchotse chifukwa choti ndi mwambi. Uchoke pokhapokha ngati ukungobwereza zimene chiganizo chapitacho chanena kale momveka.

"Kufupikitsa chiganizo kumasiyana bwanji ndi kungochidula?"

Taonani chiganizo ichi cha mawu 26 mmene chinalili poyamba: "Monga mmene tonse tikudziwira, ndi chinthu chodziwikiratu kuti asodzi a ku Mbenji amapanga chiganizo chosiya kuchita ntchito yawo ya usodzi pa nthawi imene ili ya dzinja." Mawu asanu ndi atatu oyambirira ndi ongodzaza malo. "Amapanga chiganizo chosiya" ndi "amasiya" basi, "kuchita ntchito yawo ya usodzi" ndi "kupha nsomba", ndipo "pa nthawi imene ili ya dzinja" ndi "m'dzinja". Chotsala ndi mawu 8: "Asodzi a ku Mbenji amasiya kupha nsomba m'dzinja." Chitafupika chonchi, cholakwa chimene chinabisala m'mawu ambiri aja chinaonekera, chifukwa si asodzi amene amasankha okha kusiya, koma ndi lamulo. Chiganizo chomaliza chinakhala chakuti, "Mfumu imatseka usodzi ku Mbenji m'dzinja." Njira yake ndi kufunafuna mneni weniweni amene wakwiriridwa pansi pa "kupanga" ndi "kuchita", n'kumupatsa mwini ntchitoyo.

"Sindingawononge nkhani pofupikitsa mopitirira?"

Mungathe, ndipo m'Chichewa ngozi yake yaikulu ili pa agwirizanitsi. Mukachotsa chiganizo chimene munali dzina, agwirizanitsi ake amatsala m'ziganizo zotsatira opanda mwini. M'nkhani ya Mbenji munatsala mawu akuti "anakana kutsegula msanga", koma poti "a" yemweyo ndi wa ulemu komanso wa anthu ambiri, sizinadziwike ngati anakana ndi a mfumu, a komiti kapena asodzi. Pamenepo dzina linayenera kubwerera, ngakhale kuti linawonjezera mawu. Samalaninso ndi "ena", "mwina" ndi "kawirikawiri", amene amaoneka ngati odzaza malo pamene ndi amene akusunga choonadi: "asodzi ena amaphwanya lamulo" mukachotsa "ena" mwanamizira doko lonse.

Mukamaliza ulendo wachitatu, werengani mokweza mawu, makamaka pamene munadula. Nkhani ya Mbenji inafika pa mawu 590, kenako inakwera kufika pa 598 titabwezera mayina atatu ndi "ena" mmodzi.